Ng'ombe yabayidwa jakisoni: mudikire masiku angati musanamwe mkaka kapena kudya nyama yake?

Ng'ombe, mbuzi, nkhumba kapena nkhuku ikapatsidwa mankhwala opha mabakiteriya, omwe ambiri amawatchula kuti maantibayotiki, mankhwalawo sathera pomwe jakisoni walowera. Amayenda ndi magazi n'kufika mu mnofu, m'chiwindi, mu impso ndiponso mu mkaka. Chiweto chimatha kudzuka n'kuyamba kudya bwino mankhwala adakali m'thupi mwake.

N'chifukwa chake mankhwala a ziweto ovomerezeka amabwera ndi masiku odikira. Amenewa ndi masiku omwe ayenera kudutsa kuchokera pamene chiweto chalandira mankhwala komaliza mpaka pamene mkaka kapena nyama yake yayeneranso kudyedwa ndi anthu. Ngati mumaweta, mumagula mkaka kwa mlimi wapafupi, kapena mumakonda kanyenya wa pamsika, nkhaniyi ikukukhudzani. Pano tikufotokozerani komwe masikuwo amachokera, mmene mungawawerengere osaphonya, ndi zoyenera kuchita ndi mkaka kapena nyama masikuwo asanakwane.

Masiku odikira amachokera kuti?

Thupi la chiweto limachotsa mankhwala pang'onopang'ono. Chiwindi chimawaphwanya, impso zimawasefa n'kuwatulutsa mu mkodzo, ena amatuluka mu ndowe, ndipo ng'ombe ikakhala yokamidwa ena amatulukira mu mkaka. Tsiku lililonse mankhwala otsala amachepa, koma satheratu tsiku limodzi.

Kampani yopanga mankhwala isanaloledwe kuwagulitsa, imawayesa pa ziweto n'kumapima mkaka ndi nyama tsiku ndi tsiku kufikira zotsalira zitatsika pansi pa mlingo womwe akatswiri anagwirizana kuti sungavulaze munthu ngakhale atamadya chakudyacho tsiku lililonse. Milingo yomwe mayiko ambiri amatsatira imachokera ku bungwe la Codex, lomwe linakhazikitsidwa ndi mabungwe a FAO ndi WHO mu 1963.

Milingoyi ndi yaing'ono kwambiri. Ya penisilini mu mkaka ndi mamaikirogalamu 4 pa lita imodzi. Kuti mumvetse kuchepa kwake, zili ngati supuni yaing'ono imodzi ya shuga itasungunulidwa m'malita 1 miliyoni a madzi. Ya okisitetirasaikilini, mankhwala achikasu aja omwe alimi ambiri amabaya ng'ombe ikatentha thupi, ndi mamaikirogalamu 100 pa lita ya mkaka, 200 pa kilogalamu ya mnofu, 600 pa kilogalamu ya chiwindi ndi 1,200 pa kilogalamu ya impso. Simukuyenera kuloweza manambalawa. Chomwe akukuuzani n'chakuti mlingo woletsedwa ndi wochepa moti simungauone, kuununkhiza kapena kuulawa, komanso kuti chiwindi ndi impso ndi zomwe zimasunga mankhwala ambiri kuposa mnofu.

Palibe nambala imodzi ya masiku yogwira ntchito pa mankhwala onse. Mabotolo awiri okhala ndi mankhwala a dzina limodzi akhoza kukhala ndi masiku osiyana chifukwa cha kapangidwe kake. Omwe alembedwa zilembo za LA anapangidwa kuti azikhalitsa m'thupi n'cholinga choti jakisoni mmodzi agwire ntchito masiku angapo, choncho amachedwanso kutuluka. Masiku oona ndi omwe alembedwa pa botolo lomwe lili m'manja mwanu, osati omwe mnzanu anakuuzani za botolo lake.

Chimachitika n'chiyani mukapanda kudikira?

Anthu ambiri akamwa kapu imodzi ya mkaka wotere samva chilichonse, ndipo ichi n'chomwe chimapangitsa kuti vutoli lizinyozedwa. Koma chiopsezo chilipo, ndipo chimabwera m'njira zitatu.

Choyamba chimakhudza anthu omwe thupi lawo limadana ndi penisilini. Kwa munthu wotere, mlingo wochepa ukhoza kuyambitsa zidzolo zoyabwa, kutupa kwa milomo ndi nkhope, ngakhale kubanika. Sizichitika kawirikawiri kudzera mu chakudya, koma zikachitika wodwalayo sadziwa chomwe chamupweteka chifukwa sanamwe piritsi lililonse.

Chachiwiri ndi mankhwala ena omwe ndi oopsa paokha. Kuloramufenikolo ndi chitsanzo. Mwa anthu ena amawononga mafuta a m'mafupa omwe amapanga magazi, ndipo mayiko ambiri anawaletseratu pa ziweto zodyedwa chifukwa akatswiri sanapeze mlingo womwe angati ndi wosaopsa. Mankhwala otere alibe masiku odikira, sayenera n'komwe kupatsidwa chiweto chomwe anthu adzadye.

Chachitatu ndi chachikulu koma chosaoneka msanga: kupima kwa tizilombo. M'matumbo mwa munthu aliyense muli mabakiteriya ochuluka. Akamakumana ndi mankhwala ochepa mobwerezabwereza, ofooka amafa koma olimba amatsala n'kuswana. Tsiku lomwe munthuyo wadwala chibayo kapena matenda a m'chikhodzodzo, mankhwala a kuchipatala amakapeza tizilombo tosamva. Penisilini ndi tetirasaikilini omwe amabayidwa ng'ombe ndi a m'banja limodzi ndi omwe mumalandira kuchipatala. Kafukufuku yemwe anasindikizidwa mu 2022 m'magazini ya zachipatala ya Lancet anapeza kuti mu 2019 anthu pafupifupi 1.27 miliyoni anamwalira padziko lonse chifukwa cha mabakiteriya osamva mankhwala, ndipo vutoli linali lalikulu kwambiri m'mayiko a kumwera kwa chipululu cha Sahara. Zotsalira za mu mkaka ndi nyama si gwero lokhalo la vutoli, koma ndi gwero lomwe mlimi angathe kulitseka ndi kalendala ndi cholembera.

Pezani masikuwo musanachoke m'sitolo

Mabotolo ambiri amalembedwa m'Chingerezi ndiponso m'zilembo zing'onozing'ono. Mzere wa masiku odikira kawirikawiri umakhala cha kumunsi, pansi pa malangizo a mlingo wobaya. Pamakhala manambala awiri kapena kuposerapo: ya nyama ndi ya mkaka, ndipo nthawi zina impso zimakhala ndi nambala yakeyake. Ya mkaka imatha kulembedwa m'maola m'malo mwa masiku. Maola 72 ndi masiku 3, maola 96 ndi masiku 4.

Pemphani wogulitsa kapena mlangizi wa ziweto akuwerengereni mzerewo ndipo alembe manambalawo m'Chichewa pa katoni. Mukapeza kuti ya mkaka palibe, musaganize kuti mkaka ulibe vuto. Nthawi zambiri zimatanthauza kuti mankhwalawo saloledwa pa chiweto chomwe mkaka wake ukumwedwa ndi anthu, ndipo mabotolo ena amanena zimenezi poyera.

Mankhwala ogulitsidwa mopungula, m'kabotolo kopanda chizindikiro kapena mu jakisoni wopopa kale, amakusiyani opanda masiku owerenga. Gulani m'masitolo omwe ali ndi chilolezo cha bungwe la PMRA, lomwe limayang'anira mankhwala m'dziko muno, ndipo musataye katoni mpaka masiku onse atakwana. Ngati wabaya ndi mlangizi ndipo botolo wapita nalo, mufunseni asanachoke kuti: “Mwabaya mankhwala anji, ndipo mkaka ndi nyama tidikire mpaka liti?” Ngati muli ndi foni yojambula, jambulani botololo.

Kawerengedwe kake: chitsanzo cha ng'ombe yotupa bere

Lamulo ndi limodzi: kuwerenga kumayamba pa mankhwala omaliza, osati oyamba. Koma kutaya mkaka kumayamba pa jakisoni woyamba.

Tiyerekeze kuti muli ku Thyolo ndipo muli ndi ng'ombe yomwe imatulutsa malita 12 pa tsiku. Mumakama kawiri, 5 koloko m'mawa ndi 3 koloko masana. Mbali imodzi ya bere yatupa, ikutentha, ndipo mkaka ukutuluka ndi timibulu. Mlangizi wabwera n'kulamula jakisoni wa penisilini wosakaniza ndi sitireputomaisini kwa masiku atatu. Tiyerekezenso kuti botololo lalembedwa kuti mkaka ndi masiku 3, nyama ndi masiku 21.

Jakisoni woyamba wabayidwa Lolemba pa 3 mwezi, 7 koloko m'mawa. Wachiwiri Lachiwiri pa 4, womaliza Lachitatu pa 5, nthawi yomweyo.

Maola 72 akuyambira Lachitatu 7 koloko m'mawa ndipo akutha Loweruka pa 8, 7 koloko m'mawa. Izi zikutanthauza kuti mkaka wa Loweruka 5 koloko m'mawa udakali m'kati mwa nthawi yodikira, chifukwa kwatsala maola awiri. Woyamba kumwedwa kapena kugulitsidwa ndi wa Loweruka masana, ndipo izi zili choncho pokhapokha bere litachira ndipo mkaka ukuoneka bwino.

Mukawerenga, mwataya mkaka wa Lolemba masana, wa Lachiwiri, Lachitatu, Lachinayi ndi Lachisanu m'mawa ndi masana, komanso wa Loweruka m'mawa. Kumeneko ndi kukama ka 10, komwe ndi mkaka wa masiku 5 athunthu, pafupifupi malita 60. Botolo lanena masiku 3, koma mkaka wotayika ndi wa masiku 5, chifukwa masiku obaya nawonso amawerengedwa. Ndi bwino kudziwiratu zimenezi musanayambe mankhwala kuti mukonzekere kuchepa kwa ndalama sabata imeneyo.

Cholakwika chomwe chimachitika kawirikawiri n'kuwerenga kuyambira Lolemba. Mlimi amati Lachiwiri, Lachitatu, Lachinayi, masiku atatu akwana, n'kunyamula mkaka wa Lachinayi kupita nawo kosonkhanitsira. Pamenepo n'kuti patangodutsa tsiku limodzi chibayire jakisoni womaliza, mkaka udakali ndi mankhwala ambiri.

Kumbali ya nyama, tsiku lobaya komaliza musaliwerenge. Tsiku loyamba ndi pa 6, la 21 ndi pa 26. Ng'ombeyo ikhoza kuphedwa kuyambira pa 27. Ngati botolo lapereka masiku ochulukirapo a impso, impsozo zimatayidwa ngakhale mnofu utayenera kudyedwa.

Tsopano tiyerekeze kuti ng'ombe sinachire bwino, ndipo Lachisanu pa 7 mlangizi wabayanso okisitetirasaikilini wokhalitsa, yemwe botolo lake likuti mkaka masiku 7, nyama masiku 28. Madeti oyamba aja agwa. Mkaka mudikira mpaka Lachisanu pa 14 masana, ndipo ngati mwezi uli wa masiku 30, nyama idikira mpaka pa 6 mwezi wotsatira. Chiweto chikalandira mankhwala oposa amodzi, mumawerengera aliwonse paokha n'kutsatira deti lomwe likubwera mochedwa. Chiweto chikabayidwanso, kuwerenga kumayambiranso.

Mfundo ina pa matenda a bere: nthawi zina mankhwala amathiridwa ndi kachubu m'nsonga ya bere lodwalalo. Ngakhale mwathira m'nsonga imodzi yokha, mkaka wa nsonga zonse zinayi umatayidwa. Mankhwala ena amalowa m'magazi n'kutulukira ku mbali zitatu zomwe simunazikhudze.

Nthawi yomwe masiku a pa botolo sakwanira

Masiku olembedwa amagwira ntchito ngati mankhwala aperekedwa ndendende monga botolo likunenera. Mukasintha china chake, mankhwala amakhalitsa kuposa mmene kampani inayesera.

Kupyola mlingo ndi njira yoyamba. Mlingo umatengera kulemera kwa chiweto, ndipo kuyeza ndi maso kumanamiza. Ng'ombe yomwe mukuiona ngati ya makilogalamu 400 ikhoza kukhala ya 300. Alangizi amagwiritsa ntchito tepi yoyezera pachifuwa kuti apeze kulemera koyandikira. Maganizo akuti kuwonjezera mlingo kumachiritsa msanga amangotalikitsa masiku odikira m'njira yomwe simungathe kuwerenga.

Kubaya mankhwala ambiri pamalo amodzi ndi njira yachiwiri. Mabotolo ambiri amanena kuchuluka kwa mamililita omwe angabayidwe pamalo amodzi, ndipo otsala amabayidwa kwina. Mukathira onse pamodzi, mnofu wa pamenepo umapsa, magazi sayenda bwino, ndipo mankhwala amaundana n'kumatuluka pang'onopang'ono kwa milungu. N'chifukwa chakenso alangizi amakonda kubaya pakhosi m'malo mwa pantchafu, pomwe pali nyama yambiri yabwino.

Zina ndi kupitiriza mankhwala masiku ochuluka kuposa olembedwa, kubaya pansi pa khungu mankhwala oyenera kulowa mu mnofu, komanso kupatsa mbuzi mankhwala omwe anayesedwa pa ng'ombe zokha. Chiweto chodwala kwambiri, chomwe sichikumwa madzi kapena chomwe impso zake zafooka, chimachedwanso kutulutsa mankhwala. Makapisozi a anthu omwe ena amathira m'madzi a nkhuku alibe masiku odikira olembedwa paliponse.

Zikatere funsani dokotala kapena mlangizi wa ziweto akuuzeni masiku. Kwa zaka zambiri mayiko a ku Ulaya ankatsatira lamulo lakuti mankhwala akaperekedwa mosiyana ndi malangizo a pa botolo, mkaka udikire masiku osachepera 7 ndipo nyama masiku osachepera 28. Tengani manambalawa ngati poyambira. Ngati botolo lanu likunena masiku ochuluka kuposa amenewa, simungatsike pansi pa a botolo.

Chenjezo lapadera lili pa timachubu toika m'bere pomwe ng'ombe yasiya kukamidwa pokonzekera kubereka. Timeneti tinapangidwa kuti tikhale m'bere milungu ingapo. Ng'ombe ikabereka msanga, nthawi yolembedwa pa katoni isanakwane, mkaka umakhalabe ndi mankhwala, ndipo mumayenera kumaliza masiku otsalawo kuwonjezera pa maola omwe katoni ikunena kuti mudikire ng'ombe ikabereka. Kachubu kotere kakathiridwa molakwika mu ng'ombe yomwe ikukamidwa, mkaka wake umaipa kwa nthawi yaitali kwambiri kuposa wa kachubu wamba.

Kodi kuwiritsa kapena kusakaniza sikuthandiza?

Kuwiritsa mkaka kumapha tizilombo toyambitsa matenda monga TB ya ng'ombe, ndipo muyenera kuwiritsa mkaka uliwonse wochokera kukhola. Koma mankhwala si tizilombo. Moto umaphwanya gawo la mankhwala ena monga penisilini ndi tetirasaikilini, koma sumaliza onse, ndipo ena monga sitireputomaisini amapirira kutentha. Kutenthetsa komwe kumachitika ku fakitale ya mkaka nakonso sikuwachotsa. Kukazinga, kuwotcha, kuyanika kapena kuika nyama mu firiji sikusandutsa nyama ya masiku odikira kukhala yabwino. Chiweto chikaphedwa, chiwindi ndi impso zimasiya ntchito, choncho masiku omwe nyama yakhala mu firiji sawerengedwa ngati masiku odikira.

Kusakaniza ndi mkaka wa ng'ombe zina kumangofalitsa vuto. Kumbukirani mlingo uja wa mamaikirogalamu 4 pa lita. Ngati gawo limodzi mwa magawo 10 a galamu ya penisilini litatulukira mu mkaka wanu, lingafikitse malita 25,000 pa malire oletsedwa. Chigubu chimodzi cha ng'ombe yobayidwa chikhoza kuwononga thanki yonse ya gulu la alimi.

Musadalirenso kuti kosonkhanitsira mkaka adzaona vutolo n'kukubwezani. Zoyeza ziwiri zodziwika, choyeza ngati mkaka wathiridwa madzi ndi choyeza ngati wayamba kusasa, siziona maantibayotiki. Mankhwala amapezeka ndi zipangizo zina zapadera. Zikawapeza mkaka uli kale m'thanki, wotayika ndi wa alimi onse omwe anathira tsikulo, kuphatikizapo omwe sanalakwe.

Opanga chambiko ndi yogati amalidziwa bwino vutoli. Mkaka umagwira chifukwa cha mabakiteriya abwino, ndipo maantibayotiki amawapha. Mkaka womwe ukukana kugwira ngakhale zonse mwachita monga mwa nthawi zonse uyenera kukayikitsa. Komabe kugwira kwa chambiko si umboni wakuti mkaka ulibe mankhwala, chifukwa mlingo wochepa ukhoza kupyola malire popanda kuletsa mkaka kusasa.

Nanga mkaka wa masiku odikira mutani nawo?

Pitirizani kukama pa nthawi yake. Mukasiya, bere limadzaza, matenda amakula, mkaka umaphwa ndipo mankhwala amachedwa kutuluka. Ng'ombe yodwalayo ikameni komaliza, m'ndowa yakeyake, ndipo mukatha tsukani ndowa, nsalu ndi manja ndi sopo. Madontho otsalira m'ndowa ndi okwanira kuipitsa mkaka wa ng'ombe yotsatira.

Mkakawo musaupatse ana, antchito kapena anzanu oyandikana nawo, ndipo musaupange chambiko. Apa m'pomwe mabanja ambiri amagwera. Amaopa kuugulitsa, koma amaona kuti kuutaya n'kuwononga, ndiye umathera mu tiyi ndi m'phala la ana. Mwana wamng'ono amamwa mkaka wambiri poyerekeza ndi kulemera kwake, choncho ndi amene amalandira gawo lalikulu la mankhwalawo.

Kupatsa mwana wa ng'ombe kulinso ndi mavuto ake. Kumalimbitsa mabakiteriya osamva mankhwala m'matumbo mwake, ndipo ngati mkakawo ndi wa bere lodwala umampatsiranso tizilombo. Mwana wa ng'ombe kapena nkhumba yomwe yamwa mkaka wotere iyenera kuonedwa ngati yalandira mankhwala, isaphedwe msanga. Njira yabwino ndi kuthira mkakawo m'dzenje lokumbidwa kutali ndi chitsime, mjigo kapena mtsinje, n'kukwirira.

Pomaliza, onetsetsani kuti aliyense wokama akudziwa. Zolakwika zambiri zimachitika pomwe mwini wake wachokapo ndipo wakama ndi mwana kapena wantchito yemwe sanauzidwe. Mangani kansalu kofiira kumwendo kapena kumchira kwa ng'ombeyo, ndipo lembani pa khoma la khola kapena m'kope: dzina la ng'ombe, dzina la mankhwala, tsiku ndi ola lobaya komaliza, deti la mkaka ndi deti la nyama. Ikaninso chikumbutso mu foni.

Chiweto chikukanika kuchira: kupha kapena ayi?

Nyama yambiri yokhala ndi mankhwala imachokera ku chiweto chomwe chinabayidwa, sichinachire, ndipo mwini wake anachipha mwachangu kuti apulumutseko kangachepe. N'zomveka, chifukwa ng'ombe ndi chuma cha banja. Koma nyama imeneyi imakhala ndi mavuto awiri pamodzi: mankhwala ochuluka omwe thupi lodwala linalephera kutulutsa, ndi matenda omwe sanadziwike.

Chisankho chiyenera kupangidwa jakisoni asanalowe. Ng'ombe ikathyoka mwendo kapena ikavulala moti mwayi wochira ndi wochepa, kambiranani ndi mlangizi kaye. Akaona kuti ndi bwino kupha, iphedwe isanalandire mankhwala ndipo nyama iyezedwe. Mukasankha kubaya, mwavomereza kuti kwa milungu itatu, inayi kapena kuposerapo chiwetocho sichingadyedwe. Chikafa m'kati mwa masikuwo chimakwiriridwa mozama kapena kuwotchedwa, sichigawidwa. Mukagulitsa chiweto chamoyo masiku asanakwane, muuzeni wogula deti lomwe chingaphedwe, chifukwa wa buchala amapha tsiku lomwelo kapena mawa lake.

Nkhuku za nyama zimafuna chidwi chapadera chifukwa moyo wake ndi waufupi, pafupifupi milungu 6. Mukathira ufa wa mankhwala m'madzi mu sabata yachisanu kwa masiku 5, ndipo paketi ikuti mudikire masiku 7, ndiye kuti tsiku logulitsa lasuntha. Kuwerenga kumayamba pomwe mwachotsa madzi a mankhwala n'kutsuka zomwera, chifukwa nkhuku zikamamwabe zotsalira pansi pa chomwera zimakhala zidakali pa mankhwala. Yang'ananinso mapaketi a mavitamini. Ena amakhala osakaniza ndi maantibayotiki, ndipo mlimi amawapereka mpaka tsiku logulitsa akuganiza kuti ndi zopatsa mphamvu chabe. Ku nkhuku za mazira, mankhwala amapitiriza kupezeka m'mazira kwa masiku angapo chifukwa chachikasu cha dzira chimatenga sabata yoposa imodzi kuti chipangike, ndipo mankhwala ambiri saloledwa n'komwe pa nkhuku zoikira.

Njira yosavuta yopewera kutaya mkaka ndi nyama ndiyo kusabaya pomwe sipakufunika. Chitopa ndi chigodola cha nkhumba zimayamba ndi mavairasi, ndipo maantibayotiki sapha mavairasi. Chitopa chimapewedwa ndi katemera. Matenda a bere amachepa mukamakama ndi manja oyera, kupukuta bere ndi nsalu yoyera ndi kusunga khola louma.

Ngati ndinu wogula

Simungadziwe ndi maso kuti mkaka uli ndi mankhwala, choncho chitetezo chanu ndi kudziwa komwe ukuchokera. Ngati mumagula kwa mlimi mmodzi tsiku lililonse, mufunseni mwaulemu ngati pali ng'ombe yomwe ili pa mankhwala. Mlimi yemwe amakuuzani kuti sabata ino mkaka kulibe chifukwa ng'ombe yabayidwa ndi woyenera kumusunga.

Pa nyama, gulani yophedwa pamalo ovomerezeka ndipo ili ndi chidindo cha oyeza nyama. Chidindocho chimasonyeza kuti nyama yaonedwa ngati ili ndi matenda. Woyeza saona mankhwala ndi maso, koma amatha kuzindikira chiweto chomwe chinali chodwala kapena malo obayidwa posachedwa. Inunso mukhoza kuwaona: mnofu wa pakhosi kapena pantchafu womwe uli ndi chotupa cholimba, mafinya, kapena mtundu wachikasu kapena wotuwa wosiyana ndi nyama yozungulira. Kudula malowo n'kudya kwinako sikokwanira, chifukwa ngati jakisoniyo ndi wa posachedwa mankhwala ali m'thupi lonse. Chenjerani ndi nyama yotsika mtengo modabwitsa yomwe yangotulukira m'mudzi pambuyo pomva kuti ng'ombe ya uje imadwala, makamaka chiwindi ndi impso zake.

Mukazindikira kuti mwamwa kale mkaka kapena mwadya nyama yotere, musade nkhawa kwambiri, ingosiyani kuigwiritsa ntchito. Koma ngati wina wayamba zidzolo zoyabwa, kutupa milomo, lilime kapena nkhope, kapena akuvutika kupuma, thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo ndipo muwauze achipatala zomwe wadya. Ngati mukudziwa dzina la mankhwala omwe chiwetocho chinalandira, litchuleni kapena tengani botolo lake. Za nyama kapena mkaka wokayikitsa womwe ukugulitsidwa, dziwitsani mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu kapena ofesi ya zaulimi ya paboma.